Mmene mungadziwire ngati liyakishoni ichitika yokha, ndi temperecha imene imasinthira

Tchuthi chilichonse ana amene ndinawaphunzitsa kusekondale akabwera kuno ku Mulanje kuchokera kukoleji, sipalephera mmodzi wondipeza pakhonde atanyamula kope la kemisitiri. Funso lake limakhala lomwelomwelo: "Aphunzitsi, fomula ndikuidziwa, nambala ndikuzilowetsa, koma ndikapeza temperecha ija sindidziwa ngati liyakishoni ikuchitika pamwamba pake kapena pansi pake." Sabata yathayi ndayankha funsoli katatu, kachitatuko pa lamya magetsi atazima. Ndaganiza zolemba zonse kamodzi, kuti wofunsa ndizingomulozera pano.

Tiyambe tamvana pa mawu, chifukwa ambiri amasokonekera pomwepa. Tikamati liyakishoni imachitika yokha, tikutanthauza kuti ikangoyamba imapita kutsogolo popanda wina kuikankha mosalekeza ndi magetsi kapena mphamvu ina yochokera kunja. Sitikunena kuti imachitika msanga. Enthalupi, imene timailemba ΔH, ndi kutentha kumene liyakishoni imatulutsa kapena kumeza. Ikatulutsa kutentha, ngati makala akuyaka pa mbaula, ΔH imakhala ya mainasi. Ikameza kutentha, ΔH imakhala ya pulasi. Entiropi, ΔS, imatiuza ngati zinthu ndi mphamvu zake zikumwazikana kapena zikusonkhana pamodzi. Madzi akasanduka nthunzi zamwazikana, ΔS ndi ya pulasi. Madzi akaundana zasonkhana, ΔS ndi ya mainasi.

Kale ine ndinkaganiza kuti chilichonse chochitika chokha chiyenera kutulutsa kutentha. Chinandichotsa maganizo amenewa ndi ndowa ya feteleza. Tengani yureya wodzaza manja awiri, mumuthire m'kandowa ka madzi ochepa, mutakase ndi kamtengo, kenako mugwire kunja kwa ndowayo. Imazizira ngati yachokera mufiriji. Yureyayo wameza kutentha kwa madzi, ndiye kuti ΔH ndi ya pulasi, komabe wasungunuka yekha popanda womukakamiza. Chamukoka ndi entiropi: timibulu tolimba tija tamwazikana m'madzi monse. Choncho pali zinthu ziwiri zimene zimakokana ngati anyamata pa chingwe, ndipo fomula ya Josiah Willard Gibbs, katswiri wa ku America, imaziika pa sikelo imodzi:

ΔG = ΔH − TΔS

T ndi temperecha, ndipo ΔG ndi zotsatira za kukokanako. ΔG ikatuluka ya mainasi, liyakishoni imachitika yokha kupita kutsogolo. Ikatuluka ya pulasi, imene imachitika yokha ndi yobwerera m'mbuyo. Ikakhala ziro, mbali ziwirizo zalingana mphamvu.

Chitsanzo chimene tiyende nacho mpaka kumapeto ndi kuwotcha miyala ya laimu, monga amachitira ku Balaka, kuti papezeke njereza imene timapaka m'nyumba zathu. Mwalawo ukapsa umatulutsa mpweya wa CO2 n'kutsala laimu wamoto.

1. Lembani ikweshoni yobalansa, ndipo musasiye tizilembo ta m'mabulaketi.

CaCO3(s) → CaO(s) + CO2(g)

Tizilembo (s), (l) ndi (g), toimira cholimba, chamadzimadzi ndi mpweya, timaoneka ngati tokongoletsa, koma nditimene timakuuzani mzere woti muwerenge patebulo. Madzi amadzi ndi madzi a nthunzi ali ndi nambala zosiyana kwambiri, ndipo wotenga mzere wolakwika amalakwa kuyambira pachiyambi. Lembaninso muvi molunjika kumene funso likufuna, chifukwa mukatembenuza ikweshoni, zizindikiro za ΔH ndi ΔS zonse ziwiri zimatembenukanso.

2. Musanagwire kakyuleta, lotani zizindikiro.

Dzifunseni: kodi apa kutentha kukulowa kapena kukutuluka? Mwala wa laimu suphwanyika popanda moto waukulu, ndiye kutentha kukulowa, ΔH ndi ya pulasi. Nanga entiropi? Werengani mamolo a mpweya mbali zonse ziwiri. Kumanzere kulibe mpweya, kumanja kuli molo imodzi. Mpweya ukachuluka kumanja, pafupifupi nthawi zonse ΔS ndi ya pulasi, ukachepa ndi ya mainasi. Lembani zizindikiro ziwirizi pakona pa pepala. Zimenezi ndi zimene zidzakugwireni dzanja kakyuleta ikadzakupatsani zachilendo.

3. Werengani ΔH° ndi ΔS° kuchokera patebulo.

Kabwalo ka ° kakusonyeza kuti nambalazi ndi za pa pulesha ya 1 bar. Lamulo ndi limodzi: zotuluka kuchotsera zolowa, chilichonse mutachichulukitsa ndi nambala imene ili kutsogolo kwake mu ikweshoni. Matebulo ambiri amapereka enthalupi yopangira chinthu chilichonse motere: CaCO3 ndi −1206.9 kJ pa molo, CaO ndi −635.1, CO2 ndi −393.5. Ndiye:

ΔH° = (−635.1 − 393.5) − (−1206.9) = +178.3 kJ

Entiropi zake ndi izi: CaCO3 ndi 92.9 J/K pa molo, CaO ndi 39.8, CO2 ndi 213.7.

ΔS° = (39.8 + 213.7) − 92.9 = +160.6 J/K

Zonse ziwiri zatuluka za pulasi, monga tinalotera. Tebulo la m'buku lanu likhoza kusiyana pang'ono pa nambala yomaliza, musadandaule nazo, gwiritsani ntchito limene mwapatsidwa.

Pano pali msampha umene wagwetsa ana ambiri ochenjera. Anaphunzira kuti maelementi monga O2, N2 ndi H2 ali ndi enthalupi yopangira ya ziro, zomwe ndi zoona, ndiye amaganiza kuti entiropi yawo nayonso ndi ziro. Ayi. Entiropi ya N2 ndi 191.6, ya H2 ndi 130.7, ndipo zimalowa m'masamu. Tidzaona kutsogoloku mmene kulakwitsa kumeneku kumatembenuzira yankho lonse.

4. Fananitsani mayunitsi.

Yang'aninso nambala ziwiri zija. ΔH° ili mu kJ, ΔS° ili mu J. Matebulo amalemba choncho mwadala chifukwa nambalazo zimasiyana kukula, koma fomula sidziwa zimenezo. Gawani ΔS° ndi 1000: 160.6 J/K isanduke 0.1606 kJ/K. Temperecha nayo iyenera kukhala mu kelevini, ndiye kuti pa madigiri a °C muwonjezere 273. Madigiri 25 ndi 298 K.

Mnyamata wina wa ku Chitakale anandibweretsera yankho la ΔG = −47,680 kJ pa madigiri 25, atalizinga bwinobwino ndi cholembera chofiira. Anali atachotsa 298 × 160.6 ku 178.3 osasintha mayunitsi. Ndinamufunsa kuti, ngati ndi choncho, bwanji miyala ya laimu sikufuka yokha kuthengo masana? Anayang'ana pepalalo kanthawi, kenako anati, "Ndaiwala sauzande." Chizindikiro cha vuto limeneli n'chosavuta kuchiona: ΔG imatuluka ya masauzande ambirimbiri, kapena temperecha ya pamalire imatuluka ngati 1.1 K, kuzizira kumene sikupezeka paliponse m'chilengedwe cha dziko lapansi.

Za kelevini nazo si mwambo chabe. Kelevini sakhala wa mainasi, ndiye chizindikiro cha TΔS chimatsatira cha ΔS nthawi zonse. Mukalowetsa −5 °C mmene ilili, mwatembenuza chizindikiro cha theka la fomula.

5. Onani gulu limene liyakishoni yanu ili.

Popeza T ndi wa pulasi nthawi zonse, zizindikiro za ΔH ndi ΔS zokha zimakuuzani zambiri musanawerenge chilichonse. Pali magulu anayi, koma awiri okha ndi amene ali ndi ntchito.

ΔH ikakhala ya mainasi, ΔS ya pulasi, onse akukokera mbali imodzi ndipo ΔG ndi ya mainasi pa temperecha iliyonse. Kuyaka kwa makala kuli m'gulu limeneli: C + O2 → CO2 ili ndi ΔH° = −393.5 kJ ndi ΔS° ya pafupifupi +3 J/K. ΔH ikakhala ya pulasi, ΔS ya mainasi, onse akukana, ndipo ngakhale mutenthetse chotani liyakishoniyo sichitika yokha. M'magulu awiriwa mulibe temperecha ya pamalire. Mukaumirira kugawa ΔH ndi ΔS mupeza kelevini wa mainasi, ndipo imeneyo ndi njira ya masamu yokuuzani kuti malire kulibe. Musachotse mainasiyo kuti yankho lioneke bwino. Ndaona ambiri akuchita zimenezo, ndipo zimandiwawa chifukwa amakhala atafika pa yankho lolondola kenako n'kulifufuta okha.

Zizindikiro zikafanana, pulasi ndi pulasi kapena mainasi ndi mainasi, ndiye kuti awiriwo akukokana, ndipo wogamula ndi temperecha. Laimu wathu ali pamenepa.

6. Werengani ΔG pa temperecha imene mwafunsidwa.

Pa 298 K:

ΔG° = 178.3 − (298 × 0.1606) = 178.3 − 47.9 = +130.4 kJ

Ya pulasi, ndiponso yaikulu. Mwalawo ukhala mmene ulili. Ndipotu yobwerera m'mbuyo ndi imene imachitika yokha: laimu wamoto mukamusiya pamtetete amayamba kumwa chinyezi ndi CO2 wa mumpweya, ndipo pang'onopang'ono amabwerera ku mwala umene anachokera. Njereza ikauma pakhoma n'kulimba, zimene zachitika ndi zomwezo.

7. Pezani temperecha ya pamalire.

Apa ndi pamene ΔG° imadutsa pa ziro kuchoka ku pulasi kupita ku mainasi, kapena kuchoka ku mainasi kupita ku pulasi. Ikani ziro m'malo mwa ΔG°:

0 = ΔH° − TΔS°

T = ΔH° / ΔS°

T = 178.3 / 0.1606 = 1110 K

Chotsani 273, mupeza madigiri pafupifupi 837 °C. Kugawaku n'kosavuta, ndipo mabuku ambiri amaimira pomwepa ngati ntchito yatha. Koma nambala yokhayo sinayankhe funso.

8. Sankhani mbali: pamwamba kapena pansi pa malirewo.

Ili ndiye gawo limene limavuta, ndipo ndikhalapo pang'ono. Ana ambiri amaloweza kuti "kutentha kumathandiza liyakishoni", ndiye nthawi zonse amayankha kuti pamwamba. Theka la nthawi amakhoza mwamwayi, theka linalo amalakwa.

Taganizirani fomula ija ngati anthu awiri. ΔH ndi munthu wamphamvu zosasintha, kaya kuzizire kaya kutenthe amakoka chimodzimodzi. TΔS mphamvu zake zimadalira T: kukazizira ndi wofooka, kukatentha amakula mphamvu. Choncho pa temperecha yotsika wopambana ndi enthalupi, pa temperecha yokwera wopambana ndi entiropi. Mukagwira chiganizo chimenechi simufunikanso kuloweza tebulo la magulu. Mungofunsa kuti: ndani mwa awiriwa akufuna kuti liyakishoni ichitike? Pa laimu, enthalupi ikukana popeza ndi ya pulasi, entiropi ikufuna popeza mpweya ukutuluka. Entiropi imapambana kukatentha. Ndiye mwala umaphwanyika pamwamba pa 1110 K.

Musangokhulupirira zimenezi, yesani. Tengani temperecha imodzi pansi pa malire, ina pamwamba, nambala zosavuta kuchulukitsa. Pa 1000 K, TΔS° ndi 160.6, ndiye ΔG° = 178.3 − 160.6 = +17.7 kJ. Sinafike. Pa 1200 K, TΔS° ndi 192.7, ndiye ΔG° = −14.4 kJ. Yadutsa. Kuyesaku kumatenga mphindi imodzi, ndipo pa mayeso ine ndimalangiza kuti muzichita nthawi zonse, ngakhale mukudzidalira chotani.

Tsopano tione gulu linalo, pamene zonse ndi za mainasi, chifukwa m'pamene anthu amagwera. Yureya wa m'ndowa uja amapangidwa kuchokera ku amoniya, ndipo amoniya amapangidwa chonchi:

N2(g) + 3H2(g) → 2NH3(g)

Kumanzere kuli mamolo anayi a mpweya, kumanja awiri, ndiye tikuyembekeza ΔS ya mainasi. Enthalupi yopangira NH3 ndi −46.1 kJ pa molo, kuchulukitsa kawiri, ΔH° = −92.2 kJ. Entiropi ya NH3 ndi 192.5.

ΔS° = (2 × 192.5) − (191.6 + 3 × 130.7) = 385.0 − 583.7 = −198.7 J/K

Onani chimene chikanachitika mukanati N2 ndi H2 ndi ziro: ΔS° ikanatuluka +385, mukanaika liyakishoniyi m'gulu la zochitika pa temperecha iliyonse, ndipo malire mukanawasowa. Chizindikiro chimene munalota pakona pa pepala ndi chimene chikanakudzutsani.

T = (−92.2) / (−0.1987) = 464 K, kapena madigiri 191 °C.

Ndani akufuna liyakishoniyi? Enthalupi, popeza kutentha kukutuluka. Enthalupi imapambana kukazizira. Ndiye amoniya amapangika yekha pansi pa 464 K, osati pamwamba. Yesani: pa 298 K, ΔG° = −92.2 + 59.2 = −33.0 kJ. Pa 700 K, ΔG° = −92.2 + 139.1 = +46.9 kJ. Samalani ndi mainasi awiri okumanawo: kuchotsa nambala ya mainasi ndi kuwonjezera. Pa kakyuleta muziika ΔS m'mabulaketi ndi chizindikiro chake.

Kwa inu okonda masamu, chifukwa chake chili apa. Tikufuna ΔH − TΔS < 0, ndiye kuti ΔH < TΔS. Tikagawa mbali zonse ndi ΔS ya pulasi tipeza T > ΔH/ΔS. Koma ΔS ikakhala ya mainasi, kugawa ndi nambala ya mainasi kumatembenuza chizindikiro cha kukula, tipeza T < ΔH/ΔS. Lamulo la fomu 2 limene tonse timaliiwala. Ena amamva bwino akajambula girafu: ΔG mmwamba, T chopingasa. Umatuluka mzere wowongoka woyambira pa ΔH, ndipo kupendekeka kwake ndi −ΔS. Wa laimu umayambira pamwamba pa +178 n'kumatsika mpaka kudula ziro pa 1110 K. Wa amoniya umayambira pansi pa −92 n'kumakwera mpaka kudula ziro pa 464 K. Kumene mzere uli pansi pa ziro, kumeneko ndi kumene liyakishoni imachitika yokha.

Ngati mukufuna chitsanzo choti muzichikumbukira m'chipinda cha mayeso, tengani madzi oundana. Amene anagonako pamwamba pa phiri la Mulanje mu Juni kapena Julaye amadziwa udzu woyera mbuu ndi chisanu m'mamawa, umene umanyowa dzuwa likangowomba. Kusungunuka kwa madzi oundana kuli ndi ΔH = +6.01 kJ ndi ΔS = +22.0 J/K pa molo. Gawani 6010 ndi 22.0, mupeza 273 K, amene ndi 0 °C. Pulasi ndi pulasi, kusungunuka kumachitika pamwamba pa malire. Tembenuzani muvi: kuundana ndi mainasi ndi mainasi, kumachitika pansi pa malire omwewo. Zimenezi mumazidziwa kuyambira muli mwana, ndiye mukasokonezeka fananitsani zizindikiro za liyakishoni yanu ndi za madziwa.

9. Dziwani zimene nambala ya pamalire ikunena ndi zimene sikunena.

Choyamba, 1110 K ndi yongoyerekeza. Nambala za patebulo anaziyeza pa 298 K, ndipo ife tazigwiritsa ntchito ngati sizisintha mpaka madigiri mazana asanu ndi atatu. Zimasintha, ngakhale pang'ono. Akayeza mu labu amapeza kuti CO2 wotuluka m'mwala wa laimu amafika pa pulesha ya mpweya wa kunja pa madigiri pafupifupi 900 °C, osati 837. Kusiyanaku kumakula malire akakhala kutali ndi 298 K. Yesani ndi kuwira kwa madzi: nambala za pa 298 K ndi ΔH° = +44.0 kJ ndi ΔS° = +118.8 J/K, zimene zimapereka 370 K, kapena 97 °C, pamene tonse tikudziwa kuti ndi 100 °C. Kuphonya ndi madigiri atatu okha, chifukwa 373 K sili kutali. Choncho pa mayeso lembani 1110 K, koma musalembe 1110.21 K ngati kuti mukudziwa mpaka pamenepo, ndipo onjezani chiganizo chimodzi chonena kuti mwatenga ΔH° ndi ΔS° ngati zosasintha ndi temperecha.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chimene ndimafuna kwambiri kuti mumve, malirewo sali ngati swichi ya magetsi. Kabwalo kakang'ono ka pa ΔG° kakutanthauza kuti mpweya uliwonse mu ikweshoni uli pa pulesha ya 1 bar, imene ndi pafupifupi pulesha ya mpweya m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Ndiye 1110 K ndi temperecha imene mwala ungathe kukankha CO2 wake ngakhale wazunguliridwa ndi CO2 wa 1 bar. Pansi pa pamenepo mwalawo umatulutsabe CO2, koma umalekeza pulesha yake ikafika pa mlingo wochepa. Mlingowo timaupeza ndi fomula iyi, mmene K si kelevini koma nambala yosonyeza pamene liyakishoni imaimira, ndipo R ndi nambala yosasintha ya mipweya:

ΔG° = −RT ln K

Pa 1000 K tinapeza ΔG° = +17.7 kJ. Ndi R = 8.314 J/K pa molo, ln K = −17700 / 8314 = −2.13, ndiye K ndi pafupifupi 0.12. Pa liyakishoni imeneyi K ndi pulesha ya CO2 basi, popeza zolimba siziwerengedwa. Tanthauzo lake, malinga ndi masamu athu oyerekezawa, ndi lakuti pa 1000 K mwala wotsekeredwa m'chitini umatulutsa CO2 mpaka 0.12 bar kenako n'kuima. Koma mpweya umene timapuma uli ndi CO2 wa pafupifupi 0.0004 bar yekha. Mphepo ikamadutsa n'kumachotsa CO2 uja, mlingo wa 0.12 sufikidwa, ndipo mwalawo umapitiriza kuphwanyika ngakhale ΔG° ndi ya pulasi. N'chifukwa chake uvuni wowotchera laimu umafunika kukoka mphepo bwino. Komanso n'chifukwa chake owotcha amaswa miyala kuti isakule kwambiri: pakati pa mwala waukulu kutentha kumafika mochedwa, CO2 amavutika kutuluka, ndipo mukauswa utazizira mumapeza mtima wake ukadali wauwisi.

Zomwezi zimachitika ndi madzi paphiri. Pa nsonga ya Sapitwa, mamita 3002, pulesha ya mpweya ndi pafupifupi 0.7 bar, ndipo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 90 °C. Fomula sinalakwe. Malire a 100 °C ndi a pulesha ya kumunsi kunyanja, ndipo pulesha ikatsika nthunzi imapeza malo ambiri omwazikira, ΔS imakula, ΔH/ΔS imachepa. Nyemba zimachedwa kupsa kumtundako pa chifukwa chimenechi: madzi akuwira ndithu, koma sakutentha ngati a kuno kumunsi.

Chachitatu, ΔG sinena kanthu za liwiro. Thumba la makala limakhala pakhomo miyezi, mpweya ukulizungulira, ΔG° yake ili pafupifupi −394 kJ pa molo, koma siliyaka mpaka wina abwere ndi machesi. Amoniya nayenso ali choncho. Masamu athu akuti amapangika yekha pansi pa 191 °C, koma mukasakaniza N2 ndi H2 pa temperecha ya m'nyumba mudzadikira mpaka kukalamba, chifukwa maatomu awiri a N2 amagwirana mwamphamvu kwambiri. Ndiye mafakitale amatenthetsa mpaka madigiri 400 kapena 450, kumene ΔG° ili ya pulasi, kuti liyakishoni ithamange. Amaikamo katalisiti ya chitsulo, amapanikiza mpweyawo kuposa pulesha ya kunja kambirimbiri, nthawi zambiri kopitirira 100, ndipo amachotsa amoniya akangopangika. Kupanikizako ndi kuchotsako zimagwira ntchito yofanana ndi ya mphepo ya mu uvuni wa laimu: zimasunga zinthu kutali ndi mlingo woimira, kuti ΔG yeniyeni ikhalebe ya mainasi. Katalisiti yokha sisuntha malire ngakhale digiri imodzi. Imangofupikitsa njira, ΔH ndi ΔS zimakhala zomwezo. Funso likadzakufunsani ngati katalisiti imatsitsa temperecha ya pamalire, yankho ndi ayi.

10. Lembani yankho lathunthu.

Nambala yokha siyankho. Pa funso la laimu, ine ndimayembekezera zinthu izi pa pepala: ΔH° = +178.3 kJ ndi ΔS° = +0.1606 kJ/K, zizindikiro zake zikuoneka; T = 1110 K, pafupifupi 837 °C; chiganizo chonena kuti liyakishoni imachitika yokha pamwamba pa temperecha imeneyi chifukwa TΔS° imaposa ΔH°; ndi chiganizo chonena kuti izi ndi za pa 1 bar, ΔH° ndi ΔS° titazitenga ngati zosasintha. Chizindikiro cha pulasi muzichilemba ngakhale chikuoneka chosafunika, chifukwa wochonga sangadziwe ngati munachiganizira kapena munangochisiya.

Yeserani nokha ndi iyi musanagone. N2O4(g) → 2NO2(g) ili ndi ΔH° ya pafupifupi +57 kJ ndi ΔS° ya pafupifupi +176 J/K. Lotani zizindikiro powerenga mamolo a mpweya, sinthani mayunitsi, pezani malire, kenako yesani pa 298 K ndi pa 350 K. Malire ayenera kutuluka pafupi ndi 324 K, madigiri 51 °C. Pa 298 K mupeze ΔG° ya pafupifupi +4.6 kJ, pa 350 K pafupifupi −4.6 kJ. N2O4 alibe mtundu pamene NO2 ndi wofiirira, ndiye botolo lotseka la mpweyawu limada mukaliviika m'madzi otentha, n'kuyeranso mukaliika m'madzi ozizira, ndipo kusinthako kumachitika pang'onopang'ono temperecha ikamakwera, osati mwadzidzidzi pa 51 °C.